Odi wa pafoni: kalata ya abwana kwa oyankha makasitomala

Aliyense amene anagwirapo ntchito yoyankha makasitomala pa WhatsApp amaudziwa uthenga umenewu. Foni yalira, mwatsegula, mwapeza liwu limodzi lokha: "Hello". Ena amalemba "Hi", ena "Bho", ena "Mwadzuka bwanji", ndipo ena amangoponya chizindikiro cha funso n'kukhala duu. Dzina palibe, dandaulo palibe. Munthu wagogoda basi, tsopano akudikira.

Mayi wina amene amayang'anira oyankha makasitomala pakampani ina yogulitsa magetsi a sola anandionetsa kalata yomwe analembera antchito ake pa nkhani yokhayi. Ndinayamba ndaseka, poganiza kuti kulemba tsamba ndi theka chifukwa cha "Hello" ndi kusowa chochita. Nditaiwerenga ndinasiya kuseka. Kampani yawo imagulitsa sola wolipira pang'onopang'ono. Munthu amatumiza ndalama pafoni, n'kulandira manambala otchedwa tokeni, omwe akawalowetsa m'kabokosi ka solayo magetsi amayaka kwa masiku amene walipira. Tokeni ikapanda kubwera, nyumba imagona mumdima. Choncho ambiri olemba "Hello" uja sakufuna macheza. Ali ndi vuto lowawa, koma sanalitulutse.

Kalatayo inayamba motere: "Anzanga, munthu akalemba moni yekha, musamuone ngati wotaya nthawi. Wanena odi. Ntchito yathu ndi kumulowetsa, kumupatsa mpando, ndi kumufunsa chomwe wadzera, zonsezi mu uthenga umodzi."

Fanizo la odi ndi limene lanyamula kalata yonse, ndipo likuyenera. Kwathu kuno munthu safika pakhomo pa mnzake n'kuyamba kufotokoza za mbuzi yomwe yamudyera chimanga ali chiimire pabwalo. Amanena odi, eni nyumba amavomera, amamuyalira mphasa, amalonjerana, ndipo nkhani imabwera pambuyo. Wolumpha zonsezi timati ndi wopanda mwambo. Ndiye munthu amene anakula motero akagwira foni kuti alembere kampani yomwe sakudziwako aliyense, n'zosadabwitsa kuti amayamba wafufuza ngati kuli munthu. Kufotokoza vuto lonse osadziwa ngati alipo womvera kumamveka ngati kuyankhula ndi khoma.

Akatswiri a chiyankhulo anaziona kalekale zimenezi. Bronislaw Malinowski, katswiri wa chikhalidwe cha anthu, analemba mu 1923 za mawu omwe ntchito yake si kupereka nkhani koma kulumikiza anthu, monga malonje. Mu 1968 Emanuel Schegloff, atafufuza momwe anthu amayambira kukambirana pa telefoni, anaonetsa kuti kukambirana kumayamba ndi kuitana ndi kuvomera, ndipo woitanayo ndi amene amayembekezeka kunena nkhani akavomeredwa. "Hello" wa pa WhatsApp ndi kuitana kumeneku. Kumayiko a azungu, makamaka pakati pa ogwira ntchito zamakompyuta, kuli chizolowezi chodzudzula anthu olemba moni yekha, mpaka ena amatumizira mnzawo malangizo omuuza kuti asiye khalidweli. Pakati pa anthu ogwira ntchito limodzi mwina n'zotheka. Koma kasitomala wa ku Mitundu amene walipira ndalama zake simungamuuze kuti walakwa kupereka moni. Pamenepa kalata ija inali yolimba: palibe wantchito wololedwa kulemba mawu ngati "nenani vuto lanu, osangoti hello", ngakhale atatopa chotani.

Cholakwa china, chomwe chimaoneka ngati ulemu, ndi kubwezera moni wokhawokha. Kasitomala walemba "Hello", wantchito wayankha "Hello". Kasitomala wati "Muli bwanji", wantchito wati "Tili bwino, kaya inu". Kasitomala wati "Tili bwino, ndifunse nawo", wantchito wati "Funsani". Pakhomo zonsezi zimatha m'kanthawi kochepa chifukwa anthuwo akuonana. Pafoni ya kampani sizili choncho, ndipo abwana aja anawerengetsera antchito awo masamu osavuta. Tiyerekeze kuti wantchito mmodzi akuyankha anthu 6 nthawi imodzi, ndipo kuti azungulire onse n'kubwerera kwa woyamba zimamutengera mphindi 4. Kupatsana malonje katatu kuja kwadya mphindi 12 vuto lisanatchulidwe n'komwe. Apo n'kuti kasitomalayo akuyankha msanga. Koma iye naye ali ndi zochita: waika foni m'thumba, wapita kukatunga madzi, bandulo yake ya tsiku limodzi ikutha, netiweki imagwira akakwera pachulu. Ndipo musaiwale kuti foniyo amaitchaja pa sola yemweyo wazimayo. Ulendo uliwonse wopanda phindu ndi mpata woti munthuyo asowe, n'kudzatulukiranso mawa ali wokwiya.

Pali chifukwa chinanso chomwe abwanawa anakanira moni wobwezera, ndipo anachinena mosabisa. Makampani ambiri amayeza antchito awo ndi nthawi yomwe yadutsa kuchokera pamene kasitomala walemba kufika pamene walandira yankho loyamba. Wantchito wochenjera amadziwa kuti akangolemba "Hello" wotchi ija yaima, ndipo pa lipoti la mwezi adzaoneka wachangu kuposa onse, pamene kasitomala sanathandizidwe chilichonse. Kalatayo inati kuyambira tsopano yankho loyamba liziwerengedwa pokhapokha ngati muli funso lopititsa nkhani patsogolo. Ndikukhulupirira kuti chiganizo chimenechi ndi chomwe chinawawa ena mwa antchitowo kuposa zonse.

Nanga ayankhe bwanji? Chitsanzo chomwe chinaperekedwa ndi ichi: "Takulandirani, tili bwino kaya inu. Mukuyankhula ndi wothandiza makasitomala. Tikuthandizeni chiyani lero: za tokeni, za malipiro, kapena sola wavuta? Lembani kapena tumizani uthenga wa mawu."

Ndi mizere itatu kapena inayi pafoni, koma chilichonse chili ndi ntchito yake. Moni wabwezedwa, kotero munthu sakumva kuti wanyozedwa. Wauzidwa kuti wafika pakhomo loyenera, chifukwa ena amalemba "Hello" posatsimikiza ngati nambala yomwe anapatsidwa ndi yoona. Kenako pali funso, ndipo funsolo labwera ndi zitsanzo zitatu. Funso longoti "Tikuthandizeni chiyani?" ndi lotambalala kwambiri kwa munthu amene sadziwa poyambira, mwina sadziwanso dzina la chinthu chomwe chavuta. Mukamutchulira zitatu zomwe anthu amadandaula kawirikawiri, amangotola chimodzi, ngakhale ndi liwu limodzi loti "tokeni", ndipo nkhani yayamba. Zitatu basi. Mndandanda wa zinthu 9 zokhala ndi manambala umamuchititsa munthu kumva ngati waimba foni zija zoti dinani wani, dinani thuu, ndipo ambiri amangolembanso "Hello" kachiwiri.

Chiganizo chomaliza, chololeza uthenga wa mawu, ndi chomwe ndinachikonda kwambiri. Alipo anthu amene amalemba "Hi" chifukwa ndi pomwe kulemba kwawo pafoni kumathera. Amawerenga movutika, kapena maso anafooka, kapena zala sizinazolowere timabatani. Sanganene zimenezi kwa mlendo. Mukawauza kuti akhoza kungoyankhula, mwawachotsera manyazi osawafunsa kanthu.

Kalatayo inaletsanso kufunsa zambiri pa uthenga woyamba. Chiyeso chimakhalapo chofuna dzina, nambala ya akaunti, mudzi, tsiku lolipira ndi nambala ya risiti nthawi imodzi kuti ntchito ichepe. Koma simunadziwe vuto, ndiye simukudziwa chomwe chikufunika. Wofuna kungodziwa mtengo wa sola wamkulu alibe nambala ya akaunti, ndipo mukamufunsa amaganiza kuti walakwitsa khomo. Komanso munthu akafunsidwa mafunso asanu amayankha limodzi, kawirikawiri lomaliza.

Pali tinthu tiwiri tating'ono tomwe munthu wakunja sangatiganizire. Koyamba, osalemba "bambo" kapena "mayi" musanadziwe amene mukuyankhula naye. Chithunzi cha pa WhatsApp chimanama: foni ndi ya mwamuna koma walemba ndi mkazi wake, chithunzi ndi cha mwana, dzina lolembedwapo ndi vesi la m'Baibulo. "Inu" amakwanira aliyense ndipo salakwa. Kachiwiri, "Hello" sakuuzani chiyankhulo cha munthu. Lamulo lawo ndi loti wolemba moni wa Chichewa ayankhidwe m'Chichewa, wolemba "Monire" apatsidwe kwa wantchito wodziwa Chitumbuka ngati alipo, ndipo wolemba "Hello" yekha ayankhidwe m'Chichewa ndi kamzere kamodzi ka Chingerezi pansi pake. Yankho lake lachiwiri ndi lomwe lidzaonetse chiyankhulo choti mupitirize nacho.

Gawo lalitali kwambiri la kalatayo linali pa mfundo yoti moni wina si wopanda nkhani ayi, nkhaniyo ili pamwamba pake. Abwana aja analamula kuti wantchito asanalembe chilichonse, ayambe wakwera m'mwamba kuona zomwe nambala imeneyo inalembapo kale, ndi kuisaka m'kaundula wa makasitomala. Anapereka chitsanzo cha zomwe zinachitika pa ofesi yawo yomweyo, osatchula wantchito wake.

Lachiwiri madzulo munthu wina analemba kuti walipira koma tokeni sinafike. Anatumiza chithunzi cha uthenga wotsimikizira malipiro. Wantchito wa madzulo anamuuza kuti nkhani yapita kwa a zachuma ndipo ayankhidwa mawa. Lachitatu m'mawa munthuyo analemba "Hello". Wantchito wa m'mawa, amene sanaone zadzulo, anamutumizira yankho labwino lija: takulandirani, tikuthandizeni chiyani lero. Kwa munthu amene wagona mumdima ndi ana, ndipo anafotokoza kale zonse ndi umboni womwe, funso limeneli ndi chipongwe. Likumuuza kuti zonse ananena dzulo zinagwera m'madzi. Anayankha ndi uthenga wa mawu wautali, ndipo zomwe ananenamo sizolembeka m'magazini.

Yankho loyenera, malinga ndi kalatayo, likanakhala loti: "Mwadzuka bwanji. Taona nkhani yanu yadzulo ya tokeni yomwe sinafike. Ndikufunsa a zachuma pompano ndipo ndikuuzani pomwe zafika isanakwane 10 koloko." Mulibe funso m'menemo, chifukwa palibe chofunsa. "Hello" wa Lachitatu uja tanthauzo lake linali lakuti, kodi mwandiiwala? Ndipo taonani kuti mwatchulidwa nthawi. Mawu oti "posachedwa" kapena "tikuyesetsa" kalatayo inawakana, poti ndi amene amabereka "Hello" wachitatu ndi wachinayi. Munthu wopatsidwa ola amadikira mpaka ola limenelo. Wouzidwa kuti posachedwa amagogoda mphindi 20 zilizonse. Chizindikiro choti ofesi ili ndi vuto limeneli n'chosavuta kuchiona: mukapeza nambala imodzi ili ndi moni atatu kapena anayi otsatizana masiku osiyana, vuto si kasitomala wosadziwa kulemba, koma lonjezo lomwe silinasungidwe.

Ena angafunse kuti bwanji osangoisiyira foni kuti iziyankha yokha. WhatsApp Business, yomwe inatuluka mu 2018, ili ndi zida zotere, ndipo kalata ija inazitchula ndi malire ake. Pali Greeting message, uthenga womwe umapita wokha kwa munthu amene walemba koyamba, kapena amene walembanso patadutsa masiku 14 musanalemberane. Ndi wothandiza, koma taonani malire akewo: munthu wa Lachitatu uja sakanaulandira, ndipo n'chimodzimodzi aliyense amene analembapo sabata yatha pa nkhani ina n'kubweranso lero ndi "Hi". Komanso anthu amauzindikira uthenga wodzitumiza wokha, ndipo ambiri sauwerenga, amangodikira munthu. Pali Away message, wa nthawi yomwe ofesi yatseka, umene abwanawa anati uzinena nthawi yotsegulira ndi kupempha munthu kuti alemberetu vuto lake kuti m'mawa ayambe ndi iye. Ndipo pali Quick replies, momwe mumasungira mayankho okonzeratu, n'kumawaitana polemba chizindikiro cha / ndi liwu lachidule. Iwo anasunga yankho la moni lija pa dzina loti /moni. Koma lamulo linali loti batani limeneli lidinidwe pambuyo pokwera m'mwamba kuona zakale. Kufulumira kwa chidachi ndi komwe kunagwetsa wantchito wa Lachitatu.

Tsono mwayankha bwino, munthu wawerenga, tizizindikiro tiwiri tija tasanduka tabuluu, koma zii. Apa kalatayo inapereka malire omveka. Pakadutsa mphindi 30, tumizani uthenga umodzi wokumbutsa, wofupikirapo kuposa woyamba ndiponso wosavuta kuyankha, monga: "Tikadalipo. Ngati ndi za tokeni, ingolembani kuti tokeni." Akapanda kuyankha mpaka nthawi yoweruka, mutsanzikeni pomuuza kuti akhoza kulemba nthawi iliyonse ndipo anene vuto lake mu uthenga woyamba, kenako ikani chizindikiro chosonyeza kuti nkhaniyo inatha popanda yankho. Osapitirira apo. Moni wina amatumiza ndi mwana amene akusewera ndi foni ya amayi ake, wina ndi wa munthu amene amangosunga nambala kuti adzaigwiritse ntchito tsiku lina, ndipo kumulondola ndi mauthenga asanu n'kumusowetsa mtendere. Makampani akuluakulu amene amalumikiza WhatsApp ku makompyuta awo kudzera pa WhatsApp Business Platform ali ndi chifukwa china chosazengerezera: amaloledwa kulemba momasuka kwa maola 24 okha kuchokera pa uthenga womaliza wa kasitomala, ndipo nthawiyo ikatha angatumize mauthenga okhawo omwe anavomerezedwa kale. "Hello" wa Loweruka masana akasiyidwa mpaka Lolemba, khomo limapezeka litatsekeka.

Chithunzi chopanda mawu anati chiwerengedwe ngati uthenga wathunthu. Munthu akatumiza chithunzi cha kabokosi koonetsa getsi lofiira, wanena kale vuto lake, ndipo yankho liyambire pa zomwe zikuoneka m'chithunzimo.

Ndime ina inali yoteteza antchito eni ake. Alipo amuna amene amalemba "Hi" pa nambala ya kampani atamva kuti oyankha ndi atsikana, ndipo funso lawo lachiwiri limakhala lofuna dzina kapena nambala ya wantchitoyo. Kalatayo inati wotere ayankhidwe kamodzi mwaulemu kuti nambalayi ndi ya ntchito, afunsidwe ngati pali vuto la sola, ndipo akapitiriza, nkhani ipite kwa abwana osati wantchito azilimbana naye yekha. Inakumbutsanso kuti pa uthenga uliwonse, woyamba kapena wakhumi, wantchito asapemphe nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba. Akuba a pafoni nawo amayamba ndi moni waulemu, ndipo kampani yomwe imazoloweza makasitomala ake kupereka zachinsinsi akangofunsidwa ikuwasulira akubawo mpeni.

Pali pamodzi pomwe sindinagwirizane ndi mayiwa. Yankho lawo lokonzeratu silitchula dzina la wantchito, limangoti wothandiza makasitomala. Chifukwa chake ndachimva, ndi amuna a "Hi" aja. Koma munthu wonena odi amafuna kudziwa amene wamuvomera, ndipo dzina loyamba lokha limapangitsa kasitomala kukhulupirira kuti mawa akabweranso pali wina amene angamufunse. Nditawauza zimenezi anandiyankha kuti dzina limabweretsa vuto lina: kasitomala amayamba kufuna munthu yemweyo nthawi zonse, ndipo akapeza kuti ali pa tchuthi amakana kuthandizidwa ndi wina, n'kumangolemba "Hello, alipo?" mpaka sabata kutha. Ndinavomera kuti zimachitika. Komabe ndikanakhala ine ndikanalola wantchito kusankha yekha, makamaka nkhani ikafika povuta, pamene munthu akufunika kumva kuti pali wina amene waisenza.

Chinanso chomwe kalata siingathe ndi kuchulukitsa manja. Ngati anthu awiri akuyankha mauthenga omwe akufunika anthu asanu, yankho lokonzedwa bwino lidzafika mochedwa basi, ndipo wolemba "Hello" 8 koloko n'kuyankhidwa 11 koloko sadzaona kukoma kwa mawuwo. Abwanawa akudziwa zimenezi, ndipo anandiuza kuti kalata yopempha antchito ena inapita kwa akuluakulu awo tsiku lomwelo.

Kwa inu amene mumakhala mbali inayo ya foni, moni musasiye, ndi wathu. Koma mukamalembera kampani, chipatala kapena sukulu, muphatikizeni ndi nkhani mu uthenga womwewo: "Mwaswera bwanji, ndalipira lero m'mawa koma tokeni sinabwere, nambala ya akaunti yanga ndi iyi." Woyankhayo ali ndi anthu ena asanu pamzere, ndipo akafika pa inu ayamba ndi kufufuza tokeni yanu m'malo mokufunsani chomwe mwadzera.